Kuwerengera pobwezera ndalama katundu asanagulidwe

Geni iliyonse ili ndi malire ake pakati pa kuluza ndi kupindula. Malirewa amafika pamene ndalama zomwe zalowa pogulitsa zalingana ndi ndalama zonse zomwe zinatuluka, osati zoodera katundu zokha komanso za ulendo, chiphaso cha pamsika ndi zina zonse. Wogulitsa akafika pamenepo amakhala kuti wabweza ndalama zake koma sanapindule kanthu. Chilichonse chomwe agulitse kupitirira apo ndicho chimabweretsa phindu, ndipo akalephera kufikapo ndiye kuti wadya mpamba.

Malirewa akhoza kudziwika munthu asanatulutse ndalama m'thumba. Chofunika ndi kope, cholembera, ndi mayankho oona a mafunso ochepa. Chitsanzo chili m'munsichi ndi cha mayi wa ku Lilongwe yemwe akufuna kukaoda tomato ku Lizulu, msika wa m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, kuti adzagulitse pabenchi pake masiku atatu. Mitengo yomwe yalembedwayi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Mitengo yeniyeni imasintha ndi nyengo, choncho aliyense ayenera kuikapo ya tsiku lomwe akuwerengeralo.

Ndalama zotuluka zili mitundu iwiri

Choyamba ndi kulemba chilichonse chomwe chidzafune ndalama kuchokera ponyamuka pakhomo mpaka tomato womaliza atagulitsidwa, kenako n'kuzigawa pawiri.

Gulu loyamba ndi la ndalama zomwe sizisintha kaya katundu wachuluka kaya wachepa. Mayiyu akakwera minibasi yopita ku Lizulu, kondakitala samufunsa kuti akukagula madengu angati. Mtengo wa mpando wake ndi womwewo. Wotolera ziphaso pamsika nayenso amadula tikiti ya tsikulo ngakhale malonda asanayambe kuyenda. Pa ulendo umodzi, ndalama zosasinthazi zili motere:

Thiransipoti ya mwini wake, kupita ndi kubwera: K24,000
Chakudya cha paulendo: K3,000
Chiphaso cha pamsika, K500 patsiku masiku atatu: K1,500
Mlonda wosunga katundu usiku, K500 pa usiku umodzi: K1,500
Zonse pamodzi: K30,000

Gulu lachiwiri ndi la ndalama zomwe zimakwera katundu akamachuluka. Dengu lililonse lowonjezera limabwera ndi ndalama zake: mtengo wooderapo, ndalama yokwezera dengulo pagalimoto, ya mnyamata wolinyamula kuchoka pasiteji kukafika pabenchi, ndi ya majumbo oikiramo makasitomala. Pa dengu limodzi zili motere:

Kuoda tomato: K40,000
Kulipirira dengu pagalimoto: K3,000
Wonyamula: K1,000
Majumbo: K1,000
Zonse pamodzi: K45,000

Pofuna kudziwa gulu lomwe ndalama ina yake ikugwera, funso ndi limodzi: kodi katundu atawirikizidwa kawiri, ndalama imeneyi ikwera? Ikakwera, ndi ya gulu lachiwiri. Ikakhala chimodzimodzi, ndi ya gulu loyamba. Thiransipoti ndiyo imasokoneza ambiri chifukwa imagwera mbali zonse ziwiri: ya munthu sisintha, koma ya katundu imasintha.

Mtengo weniweni wa mulu umodzi

Tomato amaodedwa pa dengu koma amagulitsidwa pa mulu. Masamu ayenera kuchitika pa muyeso womwe kasitomala amagulira, ndiye dengu liyenera kusandutsidwa milu.

Apa mpomwe ambiri amadzinamiza. Dengu la mayiyu, ataliwerenga lonse, likhoza kutulutsa milu 100. Koma si yonse yomwe idzabweretse ndalama. Tomato wa pansi pa dengu amaphwanyika ndi kulemera kwa mnzake komanso kugwedezeka kwa galimoto. Wina amapezeka ndi mawanga kapena wobooledwa ndi mbozi, pakuti ogulitsa ena amaika wokongola pamwamba. Palinso basera yemwe kasitomala wa masiku onse amayembekezera, ndi tomato yemwe amapita kunyumba kukathira m'ndiwo. Zonsezi zikachotsedwa, milu yogulitsika ingatsale 90.

Mtengo wa mulu umodzi umapezeka pogawa ndalama za dengu ndi milu yogulitsika yokhayo. K45,000 kuigawa ndi 90 ikupereka K500. Yemwe angagawe K40,000 yooderayo ndi 100 apeza K400, ndipo adzaganiza kuti mulu uliwonse ukumupatsa K100 yomwe kulibe.

Chiwerengero cha milu yogulitsika sichilotedwa. Yemwe wachitapo geniyi ayang'ane m'kope lake kapena akumbukire madengu angapo apitawo. Woyamba kumene afunse anzake a pamsika, ndipo mwa mayankho omwe apatsidwe atenge lotsika, chifukwa munthu wachilendo sadziwa kusankha dengu labwino ngati momwe amadziwira wozolowera.

Kupeza malire

Pamsika pomwe mayiyu amagulitsira, mulu wa kukula kotere ukuyenda pa K700. Mtengowu sausankha yekha, pakuti akakweza, makasitomala apita pabenchi loyandikana nalo. Mulu uliwonse ukagulitsidwa, K500 imabwerera ku katundu ndipo pamatsala K200.

K200 imeneyi si phindu ayi. Ntchito yake yoyamba ndi kulipira K30,000 ija ya ulendo, chiphaso ndi mlonda. Mulu woyamba ukagulitsidwa, pa K30,000 pachoka K200. Wachiwiri achotsanso K200 ina, mpaka ndalama yonseyo itatha. Kuyambira pamenepo, K200 ya mulu uliwonse ndiyo imalowa m'thumba mwa mwini geni.

Lamulo lake ndi ili: ndalama zosasintha zigawidwe ndi ndalama yotsala pa chinthu chimodzi. K30,000 kuigawa ndi K200 ikupereka 150. Mayiyu ayenera kugulitsa milu 150 kuti ulendo wake udzilipire wokha.

Popeza dengu limodzi limatulutsa milu 90, nambala ya 150 ikuyankha kale funso la kuchuluka kwa katundu woti agule. Akagula dengu limodzi n'kuligulitsa lonse, apeza K63,000 pomwe watulutsa K75,000, ndiye kuti waluza K12,000 ngakhale kuti benchi layera. Akagula awiri, apeza K126,000 atatulutsa K120,000, phindu K6,000. Akagula atatu, apeza K189,000 atatulutsa K165,000, phindu K24,000. Akagula anayi, apeza K252,000 atatulutsa K210,000, phindu K42,000.

Izi zikuonetsa chifukwa chomwe geni ya mpamba wochepa imafera pang'onopang'ono mwini wake osadziwa chomwe chikuidya. Wa dengu limodzi amaona malonda akuyenda, ndalama zikulowa m'chikwama tsiku lonse, komabe akafuna kukaodanso amapeza kuti ndalama sizikukwana. Palibe yemwe wamubera. Katundu wake ndi wochepa moti sangathe kulipira ulendo.

Kodi msika ungamalize katunduyo?

Poona manambalawa munthu akhoza kuganiza kuti kugula madengu ambiri ndiye nzeru. Koma malire omwe apezekawo ayenera kuyerekezedwa ndi zomwe benchi limagulitsadi. Ngati mayiyu amagulitsa milu pafupifupi 90 patsiku, masiku atatu agulitsa milu 270, omwe ndi madengu atatu. Dengu lachinayi lidzafika tsiku lachinayi litafewa, ndipo K42,000 ija idzangokhala ya papepala.

Choncho pali manambala awiri oyenera kuikidwa pafupi: chiwerengero chobwezera ndalama, ndi chiwerengero chomwe msika ungagule katundu asanawonongeke. Choyamba chikakhala chachikulu kuposa chachiwiri, geniyo ndi yoluza isanayambe, ndipo ndi bwino kuisiya kapena kuisintha. Chikakhala chaching'ono, mpata womwe uli pakati pa manambala awiriwa ndiwo umasonyeza kuti geniyo ingapirire zovuta mpaka pati.

Kuchuluka kwa malonda a patsiku kumadziwika poyang'anitsitsa. Yemwe sanayambe akhoza kukhala pamsika tsiku limodzi n'kumawerenga milu yomwe ikuchoka pabenchi la wina. Ayenera kukumbukiranso kuti masiku sakhala ofanana: kumapeto kwa mwezi anthu atalandira malipiro malonda amathamanga, pakati pa mwezi amazizira.

Katundu woola ali ndi malire ena

Nambala ya 150 ili ndi polekezera pake. Imagwira ntchito ngati katundu yemwe sanagulitsidwe akusungabe mtengo wake. Wogulitsa sopo, shuga kapena mchere akafika pa malire otere wabwezadi ndalama, chifukwa katundu wotsala pashelefu adzagulitsidwa sabata yamawa pa mtengo womwewo. Tomato sadikira. Mayiyu akagula madengu atatu n'kugulitsa milu 150 yokha, apeza K105,000 pomwe watulutsa K165,000, ndipo milu 120 yotsalayo ikupita kudzala.

Pa katundu woola, kapena wotha nyengo monga maambulera ndi zokongoletsa za Khirisimasi, pamafunika masamu achiwiri. Ndalama zonse zomwe zidzatuluke, zosasintha ndi za katundu yemwe, zigawidwe ndi mtengo wogulitsira. K165,000 kuigawa ndi K700 ikupereka 235 ndi kachidutswa, ndiye kuti milu 236, pakuti kachidutswa kotsala nthawi zonse kamakwezedwa m'mwamba. Mwa milu 270 yomwe mayiyu ali nayo, 236 yoyamba ikungobweza ndalama zake. Phindu lonse la ulendowu lili m'milu 34 yomaliza, yomwe idzagulitsidwe madzulo a tsiku lachitatu, tomato atatopa kale.

Manambala awiriwa amayankha mafunso osiyana. 150 ikuuza mayiyu kuti asapite ku Lizulu ndi ndalama ya dengu limodzi. 236 ikumuuza kuti akagula atatu, adzayamba kupuma pokhapokha madengu awiri atatha ndipo lachitatu litapitirira theka.

Kuyesa masamu ndi tsiku loipa

Masamu ochitidwa ndi mitengo ya tsiku labwino okha sathandiza kwenikweni. Asananyamuke, wogulitsa awerengerenso ataika zinthu ziwiri zomwe zimachitika kawirikawiri: kutsika kwa mtengo ndi kuchuluka kwa katundu wowonongeka.

Galimoto zingapo za tomato zikafika tsiku limodzi, mtengo wa mulu ukhoza kutsika kuchoka pa K700 kufika pa K600. Kutsika kwa K100 kumaoneka kochepa, koma kumadula pakati ndalama yotsala pa mulu, kuchoka pa K200 kufika pa K100. Malire amawirikiza kawiri, kuchoka pa milu 150 kufika pa 300, pomwe mayiyu ali ndi milu 270 yokha. Ngakhale atagulitsa yonse apeza K162,000, ndipo aluza K3,000.

Mtengo wotsikitsitsa womwe angalole umapezeka pogawa ndalama zonse zotuluka ndi milu yonse yogulitsika. K165,000 kuigawa ndi 270 ikupereka K611 ndi matambala. Mtengo wa pakatikati wa masiku onse atatu usatsike kupitirira apo. Izi sizikutanthauza kuti asagulitse mulu uliwonse pa mtengo wochepera K611. Akagulitsa milu 180 pa K700 masiku awiri oyamba, n'kugwetsa mtengo kufika pa K500 tsiku lachitatu, apeza K126,000 kuphatikiza K45,000, zonse K171,000, ndipo atsala ndi phindu la K6,000. Tomato akafewa, ndalama yomwe anamugulira inapita kale, ndipo kukakamira mtengo kumangowonjezera wotayidwa. Ngakhale K300 pa mulu ndi yabwino kuposa kukataya.

Kuwonongeka kwa katundu kumapweteka mofanana ndi kutsika kwa mtengo. Nthawi yotentha, kapena galimoto ikachedwa panjira, dengu likhoza kutulutsa milu 75 m'malo mwa 90. Pamenepo mulu umodzi wamudyera K600, yotsala ndi K100, ndipo madengu atatu abweretsa K157,500 yokha. Waluza K7,500 ngakhale mtengo wa pamsika sunasinthe.

Geni yomwe imaluza chimodzi mwa ziwirizi chikangochitika ndi yofunika kuisamala. Sikuti isachitike, koma mwini wake adziwe kuti phindu la maulendo abwino liyenera kusungidwa kuti lidzakwirire maulendo oipa.

Thukuta la mwini ndi ngongole

Pa mndandanda wa ndalama zosasintha uja palibe malipiro a mayiyu. Ulendo wonse ukumutengera masiku anayi, limodzi la panjira ndi atatu a pabenchi. K24,000 ya madengu atatu ikutanthauza K6,000 patsiku. Ngati ntchito ina, monga ganyu yochapa, ikanamupatsa K5,000 patsiku, ndiye kuti K20,000 mwa K24,000 ija ndi malipiro a thukuta lake, ndipo phindu lenileni la mpamba wake ndi K4,000. Akaika malipirowa pa ndalama zosasintha, zikwera kufika pa K50,000, ndipo malire afika pa milu 250. Kuwerengera kotere kumathandizanso kuti ndalama ya ufa ndi makala a kunyumba ikhale ndi malire ake, m'malo momangotapa m'chikwama cha geni.

Mpamba ukakhala wobwereka, chiwongoladzanja chimalowa pa ndalama zosasintha chifukwa chimalipidwa kaya malonda ayenda kaya ayi. Mwachitsanzo, mayiyu atabwereka K120,000 ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pamwezi, adzalipira K12,000 yapamwamba. Akamayenda maulendo 6 pamwezi, ulendo uliwonse usenza K2,000, yomwe ndi milu 10 yowonjezera pa malire ake. Ndalama zina zolipira pamwezi, monga lendi ya benchi kapena ya okala, zimagawidwa chimodzimodzi. Ngongole ya katapila, yomwe chiwongoladzanja chake chimakwera kwambiri, ikaikidwa pa masamu otere nthawi zambiri imameza phindu lonse.

Palinso tindalama tina tomwe timaiwalika: yochotsedwa potulutsa ndalama kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mayunitsi oimbira foni kufunsa mitengo, ndi ngongole za makasitomala zomwe sizibwezedwa. Katundu wotengedwa pa ngongole asawerengedwe kuti wagulitsidwa mpaka ndalama italowa m'manja.

Mtengo wokanenerera nawo

Masamu omwewa akhoza kuyendetsedwa chobwerera kuti wogulitsa adziwe mtengo wokwera kwambiri womwe angavomere kooda. Mayiyu akuyembekezera K189,000 pa madengu atatu. Akachotsapo K30,000 yosasintha patsala K159,000, yomwe ndi K53,000 pa dengu. Akachotsanso K5,000 ya galimoto, wonyamula ndi majumbo, patsala K48,000. Dengu likafika pa K48,000 ku Lizulu, iye angogwira ntchito yaulere, ndipo likapitirira apo aluza. Ngati akufuna kutsala ndi K30,000 pa ulendowu, ayenera kunenerera mpaka dengu litsike kufika pa K38,000.

Nambala imeneyi ndi yofunika kuidziwa asanakwere galimoto. Munthu yemwe walipira kale thiransipoti savomereza kubwerera chimanjamanja, ndipo amagula pa mtengo uliwonse womwe waupeza. Kuimba foni kwa wodziwana naye wa kumsikako m'mawa wa tsikulo kumapulumutsa ulendo wosapindulitsa.

Njira zotsitsira malire

Malire amatsika m'njira ziwiri zokha: kuchepetsa ndalama zosasintha, kapena kukulitsa ndalama yotsala pa chinthu chimodzi.

Amayi awiri akagwirizana kuti mmodzi azipita kukaodera onse, K27,000 ya thiransipoti ndi chakudya imagawika pawiri. Ndalama zosasintha za aliyense zimatsika kufika pa K16,500, ndipo malire amachoka pa milu 150 kufika pa 83, yomwe ndi yosakwana dengu limodzi. Kusankha tomato wosapsetsa, kuyala udzu m'dengu, ndi kukana kuti pamwamba pa dengu paikidwe katundu wina pagalimoto kumachulukitsa milu yogulitsika, ndipo mtengo wa mulu umodzi umatsika.

Njira ina ndi kusapita kumene ku Lizulu, n'kuoda kwa omwe abweretsa tomato mumzinda. Kumeneko dengu likhoza kukhala K52,000, ndipo kuphatikiza wonyamula ndi majumbo lifika K54,000, kapena K600 pa mulu. Yotsala pa mulu ndi K100 yokha, koma ndalama zosasintha ndi K3,000 ya chiphaso ndi mlonda basi, ndipo malire ali pa milu 30. Wa dengu limodzi, yemwe akanaluza K12,000 popita ku Lizulu, apa apindula K6,000. Wa madengu atatu apeza K24,000, yofanana ndendende ndi ya ku Lizulu, koma osataya tsiku panjira, ndiponso akhoza kumagula dengu limodzi m'mawa uliwonse kuti tomato asamuolere. Dengu la ku Lizulu ndi lotsika ndi K9,000 poyerekeza ndi la mumzinda, ndipo ulendo ukudya K27,000, choncho ulendowo umayamba kupindulitsa pa dengu lachinayi. Kutchipa kwa katundu kumunda kumathandiza yekhayo amene ali ndi mpamba wogulira wambiri komanso msika womumalizira.

Kuwerengeranso ulendo ukatha

Manambala oyamba amakhala ongoyerekeza, ndipo amawongoka ndi zomwe zachitikadi. Ulendo uliwonse ukatha, m'kope mulembedwe zinthu zinayi: ndalama zonse zomwe zinatuluka, milu yomwe dengu linatulutsa, mitengo yomwe inagulitsidwira tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zonse zomwe zinalowa. Pakatha maulendo angapo, wogulitsa amakhala ndi manambala akeake a kuwonongeka kwa katundu ndi a malonda a patsiku.

Masamuwa ayeneranso kubwerezedwa nthawi iliyonse yomwe mtengo umodzi wasintha. Tomato amakwera mtengo nthawi ya dzinja pamene matenda amachuluka m'minda, ndipo amatsika akachuluka m'chilimwe. Mafuta a galimoto akakwera, thiransipoti ya munthu ndi ya katundu zimakwera limodzi. Pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zambiri inasintha m'masabata ochepa. Nthawi zotere, mtengo woyenera kuika pa masamu ndi womwe katundu adzagulidwire pokaodanso, osati womwe anagulidwira ulendo wapita, chifukwa geni imapitirira pokhapokha ndalama zomwe zalowa zikukwanira kudzazanso madengu omwewo.